Wantchito akamajomba osanena chifukwa: zimene imelo yopempha malangizo iyenera kunyamula

Pali imelo ina imene maofesi oona za antchito amailandira kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri imakhala yaifupi ndiponso yolembedwa mtima uli m'mwamba. Imamveka chonchi: "A Uje ajombanso lero. Aka si koyamba, ndipo safotokoza chilichonse. Ine ndatopa nawo. Ndiwapatse chenjezo kapena tingowachotsa?" Wolembayo amayembekezera yankho la mawu amodzi, koma chimene chimabwera ndi mndandanda wa mafunso. Anajomba masiku ati? Munawafunsa? Anati chiyani? Munalemba penapake? Apa woyang'anira amaona ngati ofesiyo ikuikira kumbuyo munthu waulesi. Nayenso wantchito akamva kuti dzina lake lafika kumeneko amaganiza kuti basi ntchito yatha.

Onse awiri amakhala kuti sanamvetse ntchito ya imelo imeneyi. Kuti nkhaniyi imveke, nditsata chitsanzo chimodzi chongoyerekeza: woyang'anira anthu 8 m'nyumba yosungiramo katundu, ndi wantchito wake amene wakhalapo zaka 4 popanda vuto koma tsopano wayamba kusowa. Malamulo a ntchito amasiyana m'maiko, ndipo kampani iliyonse ili ndi ndondomeko yake, choncho zimene ndifotokoze ndi kayendetsedwe kofala, osati lamulo la malo amodzi.

## Ndani akulembera ndani

Woyang'anira amene tikunena ndi bwana amene ali pamwamba penipeni pa wantchito, yemwe amamugawira ntchito tsiku ndi tsiku ndi kumuvomerezera tchuthi. Kwina amati supavaiza, kwina kapitawo, kwina manijala. Ofesi yoona za antchito ndi ija pachitseko amalemba kuti HR. Imasunga mafayilo a antchito, imadziwa zimene zili m'makontirakiti, ndipo imaonetsetsa kuti ndondomeko za kampani ndi malamulo a dziko zikutsatidwa mofanana kwa aliyense.

Awiriwa amadziwa zinthu zosiyana. Woyang'anira ndi amene anaona malo opanda munthu 7 koloko m'mawa, ndi amene anaimba foni osayankhidwa, ndiponso ndi amene anapempha ena kuti atsalire kuti galimoto ipakiridwe. Ofesi sinaone chilichonse mwa zimenezi. Koma ikudziwa zimene woyang'anira sakuzidziwa: kuti munthu wina wa m'dipatimenti ina anachita zofanana chaka chatha ndipo nkhani yake inathera pati, kapena kuti m'fayilo ya wantchitoyu muli kalata ya dokotala imene anapempha kuti isaululidwe. Zili ngati wodwala ndi dokotala. Wodwala akangoti "ndipatseni jakisoni", dokotala wabwino amayamba wafunsa kuti ululu uli pati ndipo unayamba liti, chifukwa mankhwala amatsatira matenda.

M'makampani ambiri amene amakambirana ndi wantchito n'kupanga chiganizo choyamba ndi woyang'anira yemweyo. Ofesi imalangiza, imakhalapo pamsonkhano ngati pakufunika, ndipo imaletsa njira yolakwika. Ndiye imeloyi cholinga chake si kutula katundu kuti ena asenze. Ndi kupereka zimene wolembayo waona kuti auzidwe poyambira.

## Mawu akuti "osanena chifukwa" amabisa zinthu zitatu

Apa ndi pamene chisokonezo chambiri chimayambira, ndipo ndikhalapo pang'ono. Woyang'anira akati munthu wajomba osafotokoza, akhoza kutanthauza zinthu zitatu zimene sizilemera mofanana.

Choyamba, munthu sanabwere ndipo sanadziwitse aliyense. Palibe foni, palibe uthenga. Ichi ndi cholemera kwambiri, chifukwa makampani ambiri ali ndi lamulo loti amene sabwera adziwitse woyang'anira nthawi yakuti isanakwane, mwachitsanzo ola limodzi shifiti isanayambe. Chachiwiri, munthu anadziwitsa koma sananene chifukwa, kapena anangoti "zavuta kunyumba". Lamulo lodziwitsa walitsata, chatsala ndi chifukwa. Chachitatu, munthu ananena chifukwa, monga kudwala, koma sanabweretse umboni umene ndondomeko imafuna. Pamenepa funso ndi lakuti kampani imafuna chikalata cha dokotala kuyambira tsiku lachingati, pakuti m'malo ambiri munthu wodwala kwa nthawi yochepa amangodzaza fomu yekha.

Palinso chinthu china chimene woyang'anira wokwiya amachiiwala: chifukwa chosanenedwa ndi chosiyana ndi chifukwa chimene kulibe. Anthu amabisa zinthu zambiri kwa mabwana awo. Wina akulandira chithandizo cha matenda amene sakufuna kuti anzake awadziwe. Wina akudwazika mwana kapena kholo. Wina akuvutika maganizo, wina akuzunzidwa kunyumba, wina akuthawa mnzake wapantchito amene amamuvutitsa pashifiti inayake. Ndipo n'zoona kuti aliponso amene akugwira ntchito ina kumbali, amene akulephera kudzuka chifukwa cha mowa, kapena amene angotaya mtima ndi ntchitoyo. Pa tsiku lolemba imelo woyang'anira sadziwa kuti mwa zonsezi choona ndi chiti. Nayonso ofesi sidziwa.

Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa akatswiri a zantchito amagawa nkhani zotere panjira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya khalidwe: munthu akanatha kubwera kapena kudziwitsa, koma sanafune. Yachiwiri ndi ya kulephera: munthu akufuna kubwera, koma pali chomulepheretsa, makamaka thanzi. Njira ya khalidwe imapita ku chenjezo ndi chilango. Njira ya kulephera imayamba ndi kufufuza za thanzi ndi kuona ngati ntchito ingasinthidwe pang'ono kuti munthuyo akwanitse. Woyang'anira amene walemba kale kuti "ndiwapatse chenjezo" wasankha njira asanadziwe kumene nkhani ikulowera.

## Imelo yomweyo italembedwanso

Tiyerekeze kuti woyang'anira wathu wakhala pansi, watsegula kaundula wa olowa ndi otuluka, wayang'ana mauthenga a pafoni yake, n'kulembanso. Pamutu wa imelo sanaike dzina la munthu kapena mawu oweruza. Wangolemba kuti "Zachinsinsi: pempho la malangizo pa nkhani ya kujomba".

"Zikomo, ndikupempha malangizo pa nkhani ya a Uje, amene ali m'gulu langa ndipo agwira ntchito kuno zaka 4. Mpaka mwezi wa Ogasiti sindinakhalepo ndi dandaulo pa kabweredwe kawo. Kuyambira pa 8 Sepitembala mpaka pa 30 Okutobala ajomba maulendo 5, masiku onse pamodzi 6.

Lolemba pa 8 Sepitembala anaimba foni nthawi ya 10:40, shifiti itayamba 7:00, ndipo anati zavuta kunyumba. Lachinayi pa 18 Sepitembala sanadziwitse. Ndinaimba kawiri, sanayankhe, ndipo mawa lake anangopepesa. Lachinayi ndi Lachisanu pa 2 ndi 3 Okutobala anatuma mnzawo kudzandiuza kuti sabwera, popanda chifukwa. Lachinayi pa 16 Okutobala ndi Lachinayi pa 30 Okutobala sanadziwitse aliyense.

Ndinalankhula nawo kamodzi kokha, pa 6 Okutobala, tili chiimire panja pa ofesi. Anati zinthu zikhala bwino. Sindinalembe zimene tinakambirana, ndipo sindinawakumbutse za lamulo lodziwitsa ola limodzi shifiti isanayambe. Sanapatsidwepo chenjezo lililonse. Chifukwa chenicheni sindikuchidziwa.

Pa masiku 6 amenewa, kanayi anthu awiri anagwira ovataimu ya maola 2 aliyense, ndipo pa 16 Okutobala galimoto imodzi inanyamuka mochedwa ndi maola 3. Ena m'gulu ayamba kudandaula.

Mafunso anga ndi awa. Kodi ndiyambe ndi kukambirana nawo mwakachetechete, kapena nkhaniyi yafika kale pofuna msonkhano wa ndondomeko? Kodi ndingawafunse chiyani pa za thanzi lawo, ndipo sindiyenera kufunsa chiyani? Masiku amenewa ndiwalembe bwanji pa fomu ya malipiro? Ndikufuna kukumana nawo sabata ino isanathe. Zikomo."

Taonani zimene zasintha. Mawu akuti "si koyamba" ndi "ndatopa" achoka, m'malo mwake mwalowa masiku ndi maola amene wina aliyense angawatsimikize m'kaundula. Ulendo uliwonse ukuoneka mmene unayendera: katatu sanadziwitse konse, kamodzi anadziwitsa mochedwa, kamodzi anadziwitsa kudzera mwa munthu wina. Kuipa kwa kujombako kwafotokozedwa ndi zochitika zenizeni, osati ndi mkwiyo. Ndipo mafunso ndi oti munthu angathe kuwayankha.

Chimene ine ndimachiona kuti n'chamtengo wapatali kwambiri mu imeloyi ndi ndime yachitatu, pamene woyang'anira akuulula zimene iye sanachite. Ambiri amailumpha poopa kuoneka ofooka. Koma ofesi ikapanda kudziwa kuti munthuyu sanakumbutsidwepo lamulo, ikhoza kulangiza chenjezo, kenako pamsonkhano wantchito n'kunena kuti kwa miyezi iwiri palibe amene anamuuza kuti pali vuto. Pamenepo nkhani yonse imagwedezeka, ndipo amene amachita manyazi ndi woyang'anira yemwe uja.

Onaninso zimene mulibe. Mulibe mphekesera zakuti "akuti amamwa" kapena "ndikuganiza kuti apeza ntchito ina". Mulibe kuyerekeza matenda. Ngati woyang'anira anaonadi chinthu ndi maso ake, monga munthu kubwera akununkha mowa pa tsiku lakuti, angalembe chimene anaonacho ndi tsiku lake, osawonjezera tanthauzo. Chifukwa chake n'chakuti imelo siifa. Ikhoza kudzawerengedwa pamsonkhano wa chilango, pa apilo, ngakhale kukhoti, ndipo m'maiko ena wantchito ali ndi ufulu wopempha kuona zonse zimene kampani inalemba zokhudza iye. Pachifukwa chomwecho, pamalo a `CC` sipayenera kudzaza maina a anthu amene nkhaniyi sikuwakhudza.

## Zimene masiku amaulula akandandalikidwa

Woyang'anira wathu asanalembe mndandanda uja ankakhulupirira kuti a Uje amakonda kujomba kumapeto ndi kumayambiriro kwa sabata kuti atalikitse mpumulo. Ankakumbukira Lolemba lija ndi Lachisanu lija. Koma mndandanda ukunena zina. Pa maulendo 5, anayi anayamba Lachinayi, ndipo masiku ake ndi 18 Sepitembala, 2 Okutobala, 16 Okutobala ndi 30 Okutobala. Pakati pa lililonse ndi linzake pali masiku 14 ndendende.

Munthu wa ku ofesi yoona za antchito akaona zotere amaima kaye. Ulesi suyenda ndi kalendala chomwechi. Chinthu chobwera masabata awiri alionse pa tsiku lomwelo chimafanana ndi nthawi imene munthu wapatsidwa ndi ena: kuchipatala, kukhoti, kusukulu ya mwana, kapenanso ntchito ina yapambali. Chikhozanso kukhala cha m'kati mwa kampani momwemo, ngati Lachinayi limenelo ndi pamene a Uje amaikidwa ndi munthu wina kapena pa ntchito ina yake. Mndandandawo sukupereka yankho. Ukungosonyeza funso loyenera kufunsa, lomwe ndi lakuti "Lachinayi pamachitika chiyani?"

Makampani ena amagwiritsa ntchito kawerengedwe kotchedwa Bradford Factor pofuna kudziwa nthawi yoyamba kuchitapo kanthu. Kawerengedwe kake ndi aka:

```
B = S × S × D
```

`S` ndi maulendo amene munthu wajomba, `D` ndi masiku onse pamodzi, ndipo kawirikawiri amawerenga pa masabata 52 apitawo. Kwa a Uje ndi 5 × 5 × 6, zomwe zikupereka 150. Yerekezani ndi mnzawo amene anagonekedwa m'chipatala kamodzi kwa masiku 10: iye ndi 1 × 1 × 10, zomwe ndi 10 basi. Wachiwiriyu anasowa masiku ambiri, koma nambala yake ndi yaing'ono kwambiri. Maganizo a kawerengedweka ndi akuti kujomba kwa tsiku limodzi limodzi kobwerezabwereza kumasokoneza ntchito kuposa kusowa kamodzi kwa nthawi yaitali, chifukwa kwa nthawi yaitali mumatha kukonzekera n'kupeza wogwirizira, pamene kwadzidzidzi kumakupezani m'mawa womwewo.

Anthu amasiyana maganizo pa kawerengedwe kameneka. Okakonda amati kamathandiza kuti aliyense ayezedwe ndi muyezo umodzi, osati potengera amene bwana amamukonda. Okatsutsa amati kamalemera pa anthu a matenda okhalitsa amene amabwera n'kupita, monga mphumu kapena mutu waching'alang'ala, ndipo kamachititsa ena kubwera kuntchito akudwala. Mbali zonse zili ndi mfundo. Chimene ambiri amagwirizana n'chakuti nambalayo ili ngati nyali yofiira ya m'galimoto: ikayaka mumatsegula boneti, simugula injini ina nthawi yomweyo. Malire a nambala amene amayambitsa kukambirana amaikidwa ndi kampani iliyonse payokha, ndipo makampani ambiri sagwiritsa ntchito kawerengedweka n'komwe, amangoti mwina maulendo 3 pa miyezi 3.

## Yankho limene limabwera kuchokera ku ofesi

Pa imelo ngati ija, yankho lofala limakhala lakuti: kumanani nawo kaye, pa awiri, m'chipinda chotseka, ndipo muwauze poyambirira kuti si msonkhano wa chilango. Kukambirana kotere kumayenera kuchitika nthawi iliyonse munthu akabwerera kuchokera kojomba, ngakhale kwa mphindi 10 zokha. Woyang'anira wathu akanachita zimenezi pa 19 Sepitembala, mwina imeloyi sikanalembedwa.

Pokambiranapo woyang'anira amaika mndandanda patebulo n'kufunsa ngati masikuwo ndi olondola, pakuti kaundula amalakwitsanso. Kenako amafunsa funso lotseguka, monga lakuti "Bambo, kwa zaka 4 simunkajomba, tsopano chasintha n'chiyani? Pali chimene tingakuthandizeni?" Akafunsa amakhala chete n'kumvetsera. Pa za thanzi, ofesi imalangiza kuti afunse mmene vutolo likukhudzira ntchito ndi kuti litenga nthawi yaitali bwanji, koma asakakamize munthu kutchula dzina la matenda. Ngati pakufunika umboni wa dokotala, umadzera ku ofesi kapena kwa dokotala wa kampani, ndipo wantchito amayenera kuvomera.

Asanabalalike, woyang'anira amanena momveka chimene chikuyembekezeka: kudziwitsa iye mwini, pafoni, ola limodzi shifiti isanayambe, osatuma mnzake. Amanenanso chimene chingatsatire zikapitirira. Agwirizana tsiku lodzaonanso mmene zinthu zikuyendera, mwina pakatha masabata 4 kapena 6. Zonsezi zimalembedwa mwachidule ndipo wantchito amapatsidwa kope lake.

Pa funso la malipiro ofesi imayankha motsatira kontirakiti ndi lamulo la dziko. M'malo ambiri tsiku limene munthu wajomba popanda chilolezo salipidwa, koma kudula ndalama zoposa za tsikulo ngati chilango ndi nkhani ina imene malamulo ambiri amaiikira malire. Woyang'anira asalamule yekha kuti malipiro adulidwe asanamve chifukwa, pakuti tsiku lolembedwa kuti "wajomba" likhoza kusanduka tchuthi cha matenda umboni ukabwera.

Pali nthawi imodzi imene dongosolo lonseli limasintha. Ngati munthu wasowa masiku angapo otsatizana ndipo sakupezeka pafoni, chinthu choyamba si chilango koma kudziwa ngati ali moyo ndiponso ali bwino. Ofesi imaimbira wachibale amene analembedwa m'fayilo kuti aziimbiridwa pangozi, kenako imatumiza kalata yopempha munthuyo kuti alankhule nawo pofika tsiku lakuti. Kuthamangira kunena kuti wathawa ntchito kwagwetsa makampani ambiri m'mavuto, munthu atapezeka kuti anali m'chipatala.

## Kumene nkhani ingalowere

Tibwerere kwa a Uje m'chipinda muja. Tiyerekeze kuti atakhala chete kwa kanthawi akuti: "Bwana, ndimapita kuchipatala masabata awiri alionse. Sindinkafuna kuti anthu adziwe, ndipo ndinkaopa kuti mukadziwa mundiona ngati wosathandiza." Nkhani yalowa njira ya thanzi. Zimene zingachitike ndi monga kuwasinthira tsiku lopuma kuti likhale Lachinayi, kuwalola kulowa masana pa tsikulo, kapena kulemba masikuwo ngati tchuthi cha matenda. M'maiko ambiri, ngati matendawo akuwerengedwa ngati ulumali, bwana amalamulidwa kuganizira zosintha zotere malinga ngati n'zotheka. Komabe kusadziwitsa kuja sikufafanizika. Anzawo anagwiradi ovataimu ndipo galimoto inachedwadi, ndiye ndi bwino kuwauza a Uje mosabisa kuti chinsinsi chawo chisungidwa, koma foni ya m'mawa ndi yofunika ndithu.

Tiyerekezenso kuti akana kunena chilichonse, n'kujombanso pa 13 Novembala osadziwitsa. Apa woyang'anira ali ndi zimene analibe poyamba: umboni wolembedwa wakuti munthuyu anafunsidwa, anapatsidwa mpata, anauzidwa lamulo ndi zotsatira zake. Ofesi ikhoza tsopano kutsegula njira ya chilango. Wantchito amalemberedwa kalata yonena mlandu wake ndi masiku ake, amapatsidwa nthawi yokonzekera, ndipo m'malo ambiri amaloledwa kubwera ndi mnzake wapantchito kapena nthumwi ya bungwe la antchito. Kawirikawiri zimayamba ndi chenjezo lolembedwa, kenako chenjezo lomaliza, ndipo kuchotsedwa ntchito kumabwera pambuyo pa zimenezi, ndi mwayi wochita apilo.

Masitepe amenewa sanangopekedwa ndi maofesi kuti achedwetse zinthu. Pangano nambala 158 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la chaka cha 1982, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, kuthekera kwake kapena zosowa za kampani. Limatinso kusowa kuntchito kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chokwanira chochotsera munthu, ndiponso kuti munthu asachotsedwe pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Si maiko onse amene anavomereza panganoli, koma mfundo zake zimapezeka m'malamulo a maiko ambiri. N'chifukwa chake funso lakuti "munawafunsa?" limabwera msanga kuposa ena onse.

Njira yachitatu ndi imene oyang'anira sakonda kuiganizira. A Uje akhoza kunena kuti vuto ndi woyang'anira yemweyo, kapena munthu wina wa m'gulu. Zikatero woyang'anira asapitirize yekha. Abwerere ku ofesi, imene ingapereke nkhaniyo kwa munthu wina wosakhudzidwa.

## Nthawi yolembera

Cholakwika chofala kwambiri si mawu a mu imelo, koma tsiku limene yalembedwa. Oyang'anira ambiri amapirira mwakachetechete kwa miyezi, poopa kukangana kapena pomvera munthu chisoni, kenako tsiku lina mtima ukadzaza amalemba akufuna kuti munthu achoke mawa. Kwa wantchito zimaoneka ngati mphezi yopanda mitambo, chifukwa kukhala chete kwa bwana iye ankakuona ngati chilolezo. Kwa anzake asanu ndi awiri aja, miyezi imeneyo inali yosenza katundu wa mnzawo popanda wowauza chifukwa, ndipo ena mwa iwo amayamba kudzifunsa kuti kufika 7 koloko kuli ndi phindu lanji.

Palinso kulakwitsa kwa mbali inayo, kolembera ofesi munthu akangojomba kamodzi, musanalankhule naye n'komwe. Kumeneko kumaononga kukhulupirirana, ndipo wantchito amene akanaulula vuto lake kwa bwana wake amatseka pakamwa akamva kuti nkhani yapita kale kumtunda. M'chitsanzo chathu, nthawi yabwino yokambirana inali pa 19 Sepitembala, pamene a Uje anabwerera atajomba koyamba osadziwitsa. Nthawi yabwino yolembera ofesi inali cha pa 6 Okutobala, ulendo wachitatu utachitika ndipo kukambirana kusanabale kanthu.

Ndipo imelo yoyambayo siikhala yomaliza. Akakumana ndi a Uje, woyang'anira amalembanso mizere yochepa: tinakumana pa 4 Novembala, tagwirizana kuti Lachinayi la masabata awiri alionse azilowa 1 koloko masana n'kubweza maolawo Loweruka, alonjeza kuti aziimba okha 6 koloko isanakwane ngati sabwera, zikalata za kuchipatala apereka ku ofesi yanu osati kwa ine, ndipo tidzakhalanso pansi pa 16 Disembala.